Ankati ndi okhutira, koma ankatseka maakaunti: kafukufuku pa ofesi ina ku Nkhotakota

Ofesi yomwe ndikufotokoza pano ndi ya kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, yomwe ili pa boma la Nkhotakota. Dzina lake ndi maina a anthu ake sinditchula. Mamembala ake ndi aphunzitsi, ogwira ntchito m'zipatala, alimi a mpunga, amayi a geni ya usipa, komanso anthu ochokera kutali monga Benga, Mwansambo ndi mbali ya ku Dwangwa. Ogwira ntchito ndi ochepa: manijala, makalaliki awiri a pa zenera la ndalama, kalaliki mmodzi woona za ngongole, ndi mlonda. Ngongole iliyonse isanatuluke imafunika kusainidwa ndi anthu awiri, manijala ndi msungichuma wa komiti. Msungichumayu salembedwa ntchito ndi ofesi, ndi mphunzitsi amene anasankhidwa ndi mamembala anzake.

Ine ntchito yanga ndi yoyendera maofesi oterewa n'kumawathandiza pa kayendetsedwe ka ntchito. Anandiitana chifukwa cha chinthu chomwe komiti inkalephera kuchimvetsa. Miyezi ingapo yotsatizana, anthu otseka maakaunti ankachuluka kuposa olowa kumene. Koma pa tebulo la manijala panali mulu wa mafomu osonyeza kuti mamembala 9 mwa 10 alionse ndi okhutira ndi chithandizo cha ofesiyo. Bokosi la maganizo lomwe linali pakhoma titalitsegula tinapezamo timapepala tiwiri, kamodzi koyamikira, kena kopempha ntchito.

Ndinapempha kuona mmene mafomuwo ankadzazidwira. Kalaliki wa pa zenera akamaliza kuwerengera munthu ndalama zake, ankamupatsa fomu ndi cholembera pomwepo, n'kunena kuti, "Bambo, tatilemberaniko apa ngati takuthandizani bwino." Pamwamba pa fomu panali malo olemba dzina ndi nambala ya akaunti. Munthu wosatha kulemba, kalaliki yemweyo ankamuwerengera n'kumuchongera. Funso lalikulu linali lakuti, "Kodi antchito athu akuthandizani mwaulemu ndi mwachangu?"

Aliyense amene anakulira kuno akudziwa yankho lomwe munthu angapereke pamenepo. Munthu amene wakupatsa ndalama m'manja, amene mawa udzamupempha ngongole, amene mwina mumapemphera limodzi, sungamuuze pamaso kuti wakugwiritsa fuwa lamoto. Umati "zili bwino, zikomo," n'kukadandaulira mnzako pa kabaza. Funsolonso linali ndi mafunso awiri mkati mwake. Kalaliki akhoza kukhala waulemu kwambiri koma wochedwa, ndiye munthu ayankhe chiti? Vuto lalikulu koposa linali lakuti fomu inkaperekedwa kwa okhawo amene afika pa zenera la ndalama, kutanthauza anthu amene zawo zatheka. Amene wabwezedwa kwa kalaliki wa ngongole sankafika pa zeneralo, ndipo maganizo ake sankalembedwa paliponse. Mafomuwo sanali abodza ayi, koma ankayeza ulemu wa anthu amene zawo zinayenda.

Mmene tinakonzera kafukufuku wina

A manijala ankafuna fomu yamasamba awiri yofunsa za chimbudzi, ukhondo, chiwongoladzanja, nthawi yotsegulira ndi zina zambiri. Ndinawafunsa kuti pa zonsezo, ndi ziti zomwe iwo ali ndi mphamvu yozisintha chaka chino. Funso lomwe yankho lake simungalichitire kanthu limangotayitsa nthawi ya munthu amene akuthamangira minibasi. Tinatsala ndi mafunso asanu pa theka la pepala.

Atatu oyamba sanali ofunsa maganizo, anali ofunsa zomwe zachitika. Mwabwera kudzatani lero? Zomwe munabwererazo zatheka? Pa nkhani yomweyi, uwu ndi ulendo wachingati? Ndimaumirira mafunso amtundu uwu chifukwa munthu savutika kuyankha. Kunena kuti "ndi ulendo wachitatu" si kunyoza munthu aliyense, n'kungonena zoona, ndipo ngakhale agogo aulemu kwambiri amanena mosachita manyazi.

Lachinayi linali loyeza kukhutira: "Mukaganiza mmene zayendera lero, mwakhutira bwanji?" Tinagwiritsa ntchito muyeso wa masitepe asanu, mtundu umene katswiri wa ku America Rensis Likert anautchukitsa mu 1932. M'malo mwa mawu tinajambula nkhope zisanu, kuyambira yokwinya kwambiri mpaka yosekerera kwambiri, pansi pake manambala 1 mpaka 5. Membala wina wa komiti anabweretsa funso lomwe makampani akuluakulu amalikonda, lomwe Fred Reichheld analifalitsa mu 2003, lofunsa ngati munthu angalimbikitse mnzake kubwera, n'kuyankha kuyambira 0 mpaka 10. Sitinalitenge. Masitepe 11 ndi ochuluka kwa munthu woyankha ataimirira padzuwa, komanso ambiri mwa mamembalawa alibe kwina kopita pafupi, choncho akhoza kuuza mnzawo kuti alowe ngakhale iwo eni akudandaula. Lachisanu linali lotseguka: "Mutakhala kuti ndinu a manijala, chinthu chimodzi chomwe mukanasintha n'chiyani?" Poyamba tinalemba kuti "Muli ndi dandaulo lanji?" koma titayesa pa anthu khumi, pafupifupi onse anati alibe. Titalitembenuza n'kuwaika pa mpando wa manijala, pakamwa panatseguka.

Kuyesa pa anthu khumiko musamakudumphe. Kunatiwonetsanso kuti nkhope yapakati, ya kamwa lowongoka, ena ankaiona ngati yokwiya. Tinauza ofunsa kuti azitchula tanthauzo la nkhope iliyonse ndi mawu omwewo nthawi zonse, yapakatiyo azinena kuti "pakatikati, osati bwino osati moipa."

Ofunsa anali mnyamata ndi mtsikana omaliza Fomu 4, osakhala achibale a wantchito aliyense wa pa ofesiyo. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo, pamalo poti munthu wa pa zenera sangamve. Sankavala chilichonse cha kopaletivi. Mawu awo oyamba anali akuti dzina sakulifuna, nambala ya akaunti sakuifuna, ndipo kukana kulibe mlandu. Mafunso atatu oyamba ndi lomaliza ankalemba iwo. Pofika pa la nkhope ankapereka pepala ndi cholembera kwa munthuyo n'kuyang'ana kumbali. Munthu ankachonga yekha, n'kupinda, n'kuponya m'katoni yomata ndi tepi. Wosatha kulemba amatha kuchonga nkhope, ndipo ndinaona mayi wina wachikulire atatembenuka n'kubisa pepalalo ndi chitenje ngati akuvota, akuchonga mosathamanga.

Za yemwe afunsidwe, tinaika lamulo limodzi: munthu wachitatu aliyense wotuluka pakhomo la ofesi, kaya akuseka kaya wakwiya, kaya wavala tayi kaya akununkha nsomba. Wofunsa ukamusiya asankhe yekha amapita kwa anthu ooneka ofatsa ndi amsinkhu wake. Okana ankawalemba ndi kamzere papepala lina. Tinatenga masabata awiri, limodzi la kumapeto kwa Juni pomwe malipiro atuluka ndipo ofesi imadzaza, lina la pakati pa Julayi pomwe kumakhala phee, m'mawa ndi masana momwe. Mlonda tinamupatsa ntchito yolemba nthawi yolowera pa kapepala n'kupatsa aliyense, kuti wofunsa akaona kapepalako adziwe kuti munthu wakhala nthawi yaitali bwanji mkatimo.

Zomwe tinapeza

Anayankha ndi anthu 120, okana anali 22. Mayankho tinawalemba mu Excel, munthu aliyense mzere wake. Okhutira tinkawerenga okhawo amene achonga 4 kapena 5, ndipo ngati nkhope zili mu danga D, kuwerengera kwake ndi uku:

```
=COUNTIF(D2:D121,">=4")/COUNT(D2:D121)
```

Wochonga 3 sitimuwerenga ngati wokhutira. Kuno kwathu 3 kawirikawiri ndi njira yaulemu yonenera kuti sizinayende. Sindikondanso kuphatikiza manambala onse n'kupeza wapakati, chifukwa 3.6 sauza manijala kanthu, pomwe "anthu 6 mwa 10" amamva nthawi yomweyo.

Okhutira anali 70 mwa 120, omwe ndi 58 peresenti. A manijala ataona nambalayi anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti tatsika kuchoka pa 90?" Ndinawauza kuti sanatsike, chifukwa 90 uja sanakhalepo. Ndinawachenjezanso kuti 58 yemweyo asamugwire ngati nambala yeniyeni. Ukafunsa anthu pafupifupi 120, yankho likhoza kusiyana ndi maganizo a mamembala onse obwera pa ofesi ndi mapointi 9 kukwera kapena kutsika. Kuti kusiyanako kutsike kufika pa 5 pamafunika anthu pafupifupi 400, zomwe ofesi yaing'ono singakwanitse kawirikawiri. Choncho chomwe tinkadziwa n'chakuti okhutira ali pakati pa theka ndi magawo awiri mwa atatu, basi.

Nambala imeneyi payokha sikanatithandiza. Nkhani inaonekera titagawa mapepala milu iwiri potengera funso lachiwiri. Anthu 78 zawo zinatheka tsiku lomwelo, ndipo 62 mwa iwo anali okhutira. Anthu 42 anabwerera osathandizidwa, ndipo okhutira mwa iwo anali 8 okha. Munthu mmodzi mwa atatu alionse ankatuluka pakhomo paja chimanjamanja.

Antchito onse, ndisanawaonetse izi, ndinawafunsa kuti akuganiza kuti mamembala akudandaula chiyani. Onse anati mzere. N'zomveka, chifukwa mzere ndi umene amauona tsiku lililonse kudzera pa zenera. Koma timapepala ta mlonda tinanena zina. Mwa anthu amene anadikira kupitirira ola limodzi koma zawo n'kutheka, atatu mwa anayi alionse anachongabe nkhope yosekerera. Munthu amene wadzuka m'bandakucha kuchokera ku Dwangwa, mtunda wa makilomita oposa 50, ola limodzi pa benchi salitenga ngati kanthu bola abwerere ndi chomwe anadzera. Chomwe chimamuwawa ndi mawu akuti "mubwerenso mawa," chifukwa mawa limenelo ndi ndalama ina ya minibasi, ndi tsiku lina losagulitsa, ndi kalasi ina yosiyidwa yopanda mphunzitsi.

Tinabwerera ku mapepala 42 aja kuti tione chinawabweza n'chiyani. Ofunsa anali atalemba m'mphepete. Anthu 19 anauzidwa kuti pepala lina likusowa, 14 anapeza wosaina wachiwiri kulibe, 6 anagwa m'vuto la netiweki kapena magetsi, ndipo atatu otsalawo anali ndi zifukwa zosiyanasiyana. Ambiri mwa 42 amenewa anali ofuna ngongole, ndipo oposa theka anali pa ulendo wachitatu kapena kuposa.

Panatsala gulu lomwe kafukufuku wa pakhomo sangalipeze, la anthu amene anasiya kubwera. Kwa amenewa tinaimba foni. Manambala sitinawapereke kwa achinyamata aja, popeza ndi zinsinsi za mamembala. Anaimba ndi wapampando wa komiti yoyang'anira, ine ndili pambali, ndipo ankayamba ndi kupempha chilolezo. Pa anthu 30 tinapeza 17. Amenewa ndi ochepa kwambiri moti sitinawasandutse maperesenti, tinkangofuna kumva nkhani zawo. Mayi wina wa geni ya usipa anati, "Bambo, ine sindinakwiye ndi munthu. Ndinabwera kufuna ndalama usipa uli wambiri. Ulendo woyamba anati kalata ya amfumu. Wachiwiri anati chitupa cha mboni. Wachitatu anati osaina apita ku maliro. Ndalama ikutuluka, mwera wayamba, asodzi sakulowa m'madzi. Ndikanaitani nayo?" Mayiyu anatseka akaunti n'kulowa banki m'khonde ya m'mudzi mwawo. Ngongole ya munthu wa geni ili ndi nyengo yake, ikachedwa ndi masabata atatu imasanduka katundu.

Msonkhano womwe unatsala pang'ono kupotoza zonse

Zotsatirazi zitafika ku komiti, panabuka maganizo awiri, ndipo onse akanatitayitsa njira. Ena anati tigule mabenchi ndi wailesi ya kanema kuti odikira asamatope, zomwe zinali kale m'maganizo a manijala kafukufuku asanayambe. Ena anatola mapepala asanu ndi limodzi omwe pa funso lomaliza anatchula kalaliki wa ngongole, ena mwa iwo ndi mawu olasa, ndipo anati mtsikanayu alembedwe kalata ya chenjezo.

Ili ndinalikana mwamphamvu. Choyamba, mukalanga munthu ndi mapepala opanda maina, antchito onse amaphunzira kuti kafukufuku ndi msampha, ndipo ulendo wotsatira adzaonetsetsa kuti manambala akomere iwo. Chachiwiri, tinali tisanadziwe ngati vuto linali iyeyo. Anthu amatchula nkhope yomwe yawauza nkhani yoipa, osati chomwe chachititsa. Ndinapempha komiti kuti tisanaweruze, titenge mafayilo khumi a ngongole zomwe zinachedwa tiwatsate kuyambira tsiku loyamba, kalalikiyo ali nafe ngati wotithandiza.

Zomwe tinapeza zinakhazika chete chipinda chonse. Mndandanda wa zofunika pa ngongole unalipo m'malo atatu, ndipo unali wosiyana. Pepala lomata pakhoma, lakale ndi lofwifwa, linkatchula fomu ndi chiphaso cha unzika basi. Kumbuyo kwa fomu yeniyeniyo kunali kowonjezera kalata ya amfumu kapena ya abwana a kuntchito. Ndipo panali chigamulo cha komiti, cholembedwa m'buku la misonkhano mokha, chakuti mboni ziwiri zibweretse mafotokope a ziphaso zawo ndi kusaina pamaso pa kalaliki. Membala ankawerenga za pakhoma n'kubwera ndi zimenezo. Kalaliki ankatsegula fayilo, n'kuona chinthu choyamba chosowa, n'kumubweza. Sankapitiriza kuona zotsalazo chifukwa kumbuyo kunali mzere. Titamufunsa, anayankha misozi ili m'maso kuti, "Bwana, ndinanenapo kawiri kuti pepala lapakhomalo lichotsedwe." Zinalidi m'malipoti ake a pamwezi.

Nkhani ya wosaina inali yosavuta kuimvetsa. Msungichuma amaphunzitsa pa sukulu ina kunja kwa boma, ndipo ankabwera akapeza mpata. Palibe ankadziwa tsiku lake, ngakhale a manijala. Mamembala ankangobwera mwamwayi.

Zomwe tinasintha, ndi zomwe tinakana

Tinagwirizana kulimbana ndi chinthu chimodzi chokha kwa miyezi itatu: kuchepetsa anthu obwezedwa. Mabenchi anadikira. Ofesi ya anthu asanu ikayamba kukonza zinthu zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi, imamaliza popanda ngakhale chimodzi, komanso simungadziwe kuti chathandiza ndi chiti.

Mndandanda unakhala umodzi, m'Chichewa, wa zilembo zazikulu, womatidwa pageti, pakhomo ndi kumbuyo kwa fomu iliyonse. Kalaliki anapatsidwa lamulo latsopano lakuti akatsegula fayilo aione yonse mpaka kumapeto, achonge zonse zosowa pa kapepala n'kupatsa membala, kuti munthu asabwezedwe kawiri pa fayilo imodzi. Ofesi inatulutsa nambala ya foni yoti munthu aimbe kapena atumize zithunzi za mapepala ake pa WhatsApp asanakwere galimoto. Mboni zakutali zinaloledwa kusaina pamaso pa mphunzitsi wamkulu kapena amfumu, iwo n'kudinda chidindo chawo.

Za kusaina, komiti inakhazikitsa masiku awiri pa sabata. Poyamba anati Lachiwiri ndi Lachisanu, koma mmodzi anakumbutsa kuti Lachisanu masana mamembala ambiri, pamodzi ndi wachiwiri kwa msungichuma, amakhala ku mzikiti. Anasankha Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira 2 koloko masana sukulu ikaweruka, ndipo mafayilo onse okwanira ankasainidwa pamenepo kuti membala abwere ndalama zili zokonzeka, ataimbiridwa foni. Komiti inalembanso chigamulo chakuti msungichuma akalephera, wachiwiri wake asaine.

Panali pempho lomwe linabwera kangapo pa funso lachisanu, lakuti mboni zichotsedwe. Ili komiti inakana, ndipo ine ndinagwirizana nayo. Ndalama zobwereketsazo ndi za mamembala omwewo, ndipo mboni ndi chitetezo chawo. Kumva maganizo a anthu sikutanthauza kuchita chilichonse chomwe apempha. Chofunika n'kuwayankha. Pakhomo tinaika bolodi ya magawo awiri, kumanzere "Munanena," kumanja "Tachita," ndipo pa nkhani ya mboni tinalemba poyera kuti sizisintha, n'kupereka chifukwa chake m'mizere iwiri. Za netiweki tinalemba kuti si ife tingakonze, koma ikagwa tizilemba nambala ya munthu n'kumuimbira ikabwerera, m'malo momusiya pa benchi tsiku lonse osauzidwa kanthu.

Ulendo wachiwiri, ndi zomwe zinachitika pageti

Tinabwereza kumapeto kwa Seputembala ndi pakati pa Okutobala, mafunso omwewo osasintha liwu, achinyamata omwewo, munthu wachitatu aliyense. Mukasintha funso, ngakhale kulikonza kuti likome, simungathenso kufanizira ndi zakale.

Madzulo a tsiku lachiwiri mtsikana wofunsa uja anandiimbira. Anati pa mapepala a masiku awiriwo, pafupifupi aliyense akuti zake zatheka, koma iye akuona anthu akubwerera pageti osalowa. Zinapezeka kuti mlonda, ataona mndandanda womatidwa pageti ndipo atamva a manijala akunena tsiku ndi tsiku kuti obwezedwa achepe, anayamba kuona yekha mapepala a anthu. Wosowa kanthu ankamuuza kuti, "Achimwene, musavutike kulowa, kakonzeni kaye." Sanali kubera, ankaganiza kuti akuthandiza. Koma anthu amenewo sankafika pakhomo pomwe tinkawerengera, choncho ankasowa m'manambala monga momwe ankasowera m'mafomu a pa zenera aja. Ena mwa iwo anabwezedwa molakwika, chifukwa mlonda sankadziwa kuti wodzangofunsa za ngongole safunika mboni.

Izi zimachitika paliponse pomwe nambala imodzi yasanduka cholinga, ndipo chizindikiro chake ndi kusintha kwabwino mopitirira muyeso m'nthawi yochepa. Kuchoka pa mmodzi mwa atatu kufika pafupifupi pa ziro m'miyezi itatu si zoti musangalale nazo, ndi zoti mudzuke mukaime pageti. Mapepala a masiku awiriwo tinawaika padera. Ofunsa anasamukira kunja kwa geti kuti aziwerenga aliyense wobwera, wolowa ndi wosalowa yemwe. Mlonda anauzidwa kuti ntchito yake ndi kulandira anthu ndi kuwalozera mndandanda, osati kuwabweza, ndipo sanadzudzulidwe pagulu.

Pamapeto pake anayankha anthu 118. Obwerera osathandizidwa anali 21, kuchoka pa 42. Okhutira anali 86, omwe ndi 73 peresenti, kuchoka pa 58. Kodi kukwera kwa mapointi 15 kumeneku n'kwenikweni? Pofanizira magulu awiri a kukula kotere, kusiyana kosafika mapointi 12 kukhoza kungokhala mwayi wa amene anapezeka masiku amenewo. Choncho 15 anadutsa malirewo, koma osati patali. Chinandipatsa chikhulupiriro kwambiri ndi chakuti zinthu zina zinkaloza komweko: obwezedwa chifukwa cha wosaina anatsala awiri okha, ndipo anthu a ulendo wachitatu anachepa kwambiri. Ndinauzabe komiti kuti nyengo ndi yosiyana. Mu Juni alimi a mpunga amakhala atangokolola ndipo ambiri amadzasunga, pomwe mu Okutobala amadzafuna ngongole ya feteleza ndi mbewu. Popeza ofuna ngongole ndi amene ankabwezedwa kwambiri, nyengo ya Okutobala inali yovutirapo, choncho kusiyana kwa nyengoku sikukanatikometsera manambala.

Si zonse zinayenda. Njira yotumiza zithunzi pa WhatsApp inagwiritsidwa ntchito ndi aphunzitsi ndi azaumoyo pafupifupi okhaokha. Alimi ndi amayi a geni ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndipo kwa iwo chomwe chinathandiza ndi kapepala kochonga zosowa. Foni ya ofesi inkalira kalaliki ali ndi munthu patsogolo pake, ndipo nthawi zambiri sinkayankhidwa, mpaka anaika ola lapadera, 8 mpaka 9 koloko m'mawa, lobwezera mafoni. Kuona fayilo yonse kumatenga nthawi, choncho mzere wa ngongole unatalika kumapeto kwa mwezi. Pa funso lachisanu la ulendo wachiwiri, dandaulo lomwe linatsogola linali kudikira ndi kusowa pokhala. Apa ndi pomwe mabenchi a manijala aja anagulidwa, ndipo kalaliki mmodzi wa pa zenera anaphunzitsidwa kuona mafayilo kuti azithandiza sabata la malipiro.

Otseka maakaunti anachepa m'miyezi yotsatira, koma m'lipoti langa sindinalembe kuti ndi chifukwa cha kafukufukuyu. Anthu amatseka akaunti pa zifukwa zambiri, kusamutsidwa pa ntchito, njala, mitengo ya zinthu, ndipo miyezi yochepa sikwanira kulekanitsa zimenezi. Chomwe ndinalemba motsimikiza ndi chomwe tinayeza: obwezedwa anatsika ndi theka.

Kafukufuku wa achinyamata awiri amafuna ndalama ya malipiro awo ndi mafotokope, choncho komiti inagamula kuti azichitika kawiri pa chaka, m'miyezi yomweyo, kuti Juni azifaniziridwa ndi Juni mnzake. Pakati pake ofesi imasunga kabuku komwe aliyense wobwezedwa amalembedwa, tsiku, chomwe anadzera ndi chifukwa, popanda dzina, ndipo kamawerengedwa pa msonkhano wa komiti mwezi uliwonse. Kabukuka kamalembedwa ndi antchito eni, choncho n'kosavuta kukometsa, ndipo kafukufuku wa kunja kwa geti ndi amene amakatsimikizira. Mwa 21 aja a ulendo wachiwiri, 13 anali ochokera mbali ya ku Dwangwa ndi Mwansambo, ndipo komiti tsopano ikuwerengera ngati ingakwanitse kutumiza kalaliki wa ngongole kumeneko tsiku limodzi pa mwezi kuti akalandirire mafayilo komweko.